Lole ya mamailosi onama: kunamizidwa n'kwina, kudziphonyera n'kwina

Pa mayeso a malamulo a kontirakiti pali funso lina limene limangosintha malaya koma munthu wake ndi yemweyo. Wina wagula chinthu, pambuyo pake wapeza kuti sichili m'mene ankaganizira, ndiye akufuna ndalama zake. Ophunzira ambiri akangowerenga amathamangira kulemba kuti wogulayo "analakwitsa", choncho mgwirizano ndi wopanda ntchito. Apa ndi pamene mamalikisi amathera. Zoti wogula anali ndi ganizo lolakwika sizikusiyanitsa kanthu, chifukwa wonamizidwa naye amakhala ndi ganizo lolakwika. Chofunika kufunsa n'chakuti ganizolo linachokera kuti. Ngati linatuluka pakamwa pa wogulitsa, nkhaniyo ndi ya mawu osocheretsa, amene m'kalasi timawatcha misirepurizenteshoni. Ngati linangomera lokha m'mutu mwa wogula, kapena mwa onse awiri, ndiye kuphonya, ndipo malamulo a ku England ali ndi chifundo chochepa kwambiri pa kuphonya.

Titenge funso limodzi tilisende lonse. Ndalipeka ndekha, koma lili ngati amene amabwera pa mayeso, ndipo likuyankhidwa pa malamulo a ku England.

Mwini kampani yaing'ono yonyamula katundu wapita kwa wogulitsa malole akale. Wogulitsa akumuuza kuti lole iyi yayenda mamailosi 120,000 okha. Wogula akhutira, alipira mapaundi 20,000. Onse awiri ankaganizanso kuti loleyo ingathe kulowa popanda kulipira m'dera la London lomwe malole otulutsa utsi wambiri amalipiritsidwa, koma palibe amene anatchula zimenezi. Patapita miyezi 2 injini yavuta, wogula walipira mapaundi 1,500 kugalaja, ndipo makaniko wamuuza kuti injini yotha chonchi siingakhale ya mamailosi 120,000. Afufuza, apeza kuti loleyo inayenda mamailosi 300,000, mita inasinthidwa ndi mwini wake wakale, ndipo buku la sevisi losonyeza zimenezi linali mu ofesi ya wogulitsa, koma iye sanalitsegule. Zadziwikanso kuti ikalowa ku London iyenera kulipira. Wogula wadandaula pa foni, kenako watumiza loleyo ulendo wina wautali chifukwa katundu wa kasitomala anali kudikira. Pa tsiku logula, lole ya mamailosi 300,000 inali ya mapaundi 14,000. Ikanakhaladi ya 120,000, ikanakhala ya mapaundi 23,000.

Wolemba funso wabisamo maganizo olakwika awiri, la mamailosi ndi la ku London, ndipo cholinga chake n'chakuti muwalekanitse.

Tiyambe ndi mamailosi. Kuti mawu akhale osocheretsa m'malamulo, ayenera kukhala onena za chinthu chenicheni, osakhala oona, ochokera kwa mnzako wa mgwirizano, ndiponso akhale kuti ndiwo anakukopa. Nambala ya mamailosi ndi chinthu chenicheni, si maganizo a munthu. Yerekezani ndi mlandu wa Bisset v Wilkinson wa 1927, wochokera ku New Zealand: wogulitsa munda ananena kuti mundawo ungasunge nkhosa 2,000, koma onse ankadziwa kuti sanawetepo nkhosa pamenepo, choncho khoti linati awo anali maganizo chabe. Wogulitsa malole sangabisale kumeneko. Ntchito yake ndi malole, ndipo buku linali m'kabati mwake.

Wogulitsa adzanena kuti, bwanji wogula sanapemphe bukulo kapena kubwera ndi makaniko wake? Yankho lili mu Redgrave v Hurd wa 1881. Loya wina pogulitsa nyumba ndi gawo la ntchito yake anakokomeza ndalama zimene ntchitoyo inkalowetsa, nampatsa wogula mapepala oti adziwerengere. Wogula sanawerenge. Khoti linati amene wanena zosaona sangauze mnzake kuti "ukanafufuza". Zikanakhala zina wogula wathu akanabweretsa makaniko wake n'kudalira mawu a makanikoyo m'malo mwa a wogulitsa, monga zinachitikira mu Attwood v Small wa 1838, pamene ogula mgodi anakhulupirira akatswiri awo. M'funso lathu mulibe zimenezo, ndiye chiganizo chimodzi chikwanira, musachedwepo.

Tsopano za ku London. Wogulitsa sananene kanthu, ndipo pa malonda wamba ngati awa kukhala chete si kusocheretsa. Khomo la mawu osocheretsa latsekeka. Chatsala ndi kuphonya kwa onse awiri, ndipo apa muyenera kusonyeza kuti mukudziwa kupapatiza kwa khomo limeneli.

Mlandu wa Bell v Lever Brothers wa 1932 ndiye mwala wapangodya. Kampani inalipira mabwana ake awiri mapaundi 30,000 ndi 20,000 powachotsa ntchito, osadziwa kuti anthuwo ankachita malonda a koko mwamseri, zimene zikanailola kuwachotsa popanda kulipira ngakhale kobidi. Khoti lalikulu linati mgwirizano uli moyo. Kuphonya pa ubwino wa chinthu sikupha mgwirizano pokhapokha chinthucho chitasandukiratu china, chosiyana kotheratu ndi chimene ankachiganizira. Ngati mapaundi 50,000 otayidwa pachabe sanakwane, chindapusa cha ku London chingakwane bwanji?

Koma mlandu umene ine ndimaukonda pophunzitsa kusiyana kumeneku ndi Great Peace Shipping v Tsavliris wa 2002. Sitima ya Cape Providence inawonongeka m'nyanja ya Indian Ocean. Kampani yopulumutsa sitima inauzidwa kuti sitima ina, Great Peace, ili pa mtunda wa mamailosi 35 okha, ndipo inaibwereka kwa masiku osachepera 5 kuti ikakhale pafupi populumutsa anthu. Zoona zake inali pa mamailosi 410. Taonani apa: uthenga wolakwikawo unachokera kwa anthu apadera, osati kwa eni Great Peace. N'chifukwa chake opulumutsawo sakanatha kunena kuti anasocheretsedwa, anangotsala ndi kuphonya. Ndipo anagonja. Khoti linati ntchito inali yothekabe, ngakhale mochedwerapo, ndipo umboni wake unali khalidwe lawo lomwe: atadziwa za mtunda sanathetse mgwirizano nthawi yomweyo, anayamba adikira kaye mpaka atapeza sitima ina yapafupi. Mlandu womwewo unakananso chiphunzitso cha Solle v Butcher wa 1950, chakuti khoti lingamasule mgwirizano mwachifundo pa kuphonya kocheperapo. Wolemba Solle ngati lamulo lamoyo ku England lero akudzichera yekha msampha.

Lole yathu ndi lole ndithu. Ikuyenda, ikunyamula katundu, ngakhale ku London ikulowa, kungoti imalipira. Kuphonya kwa onse awiri kulipo, koma sikukupha mgwirizano, ndipo wogula sapezapo kanthu. Ena amayesa kutenga za mamailosi n'kuzilowetsanso pa khomo la kuphonya. N'kutaya nthawi. Mu Leaf v International Galleries wa 1950, munthu anagula chithunzi cha tchalitchi cha Salisbury pa mapaundi 85 atauzidwa kuti anajambula ndi Constable, chikhalirecho sanali iye. Khoti linati kuphonyako kunali pa ubwino wa chinthu, chithunzi chimene anagwirizana ndi chomwecho chimene analandira.

N'chifukwa chiyani malamulo akuuma mtima chonchi? Chifukwa zotsatira zake n'zosiyana kwambiri. Mgwirizano wogwa ndi kuphonya umakhala wakufa chibadwire: umwini sunachoke kwa wogulitsa, ndipo aliyense amene anagulanso chinthucho m'tsogolo, ngakhale mosadziwa, amatsala manja lende. Mgwirizano wa mawu osocheretsa ndi wamoyo kufikira wonamizidwayo ataumasula, ndipo akachedwa chinthu n'kugulidwa ndi munthu wosalakwa, basi zatha. Kuonjezera apo, kuphonya sikubala chipukuta misozi, popeza palibe amene walakwira mnzake. Wophunzira amene walemba kuti mgwirizano wafa ndi kuphonya, kenako n'kuwerengetsera chipukuta misozi pa maziko omwewo, wasonyeza kuti sanamve.

Tabwerera ku mamailosi. Tisanasankhe njira, tidziwe mtima wa wogulitsa, chifukwa ndiwo umatsegula kapena kutseka thumba la ndalama. Chinyengo, malinga ndi Derry v Peek wa 1889, ndi kunena chinthu ukudziwa kuti n'chabodza, kapena usakuchikhulupirira, kapena osasamala n'komwe kaya n'choona kaya n'chonama. Wogulitsa wathu anawerenga mita n'kuikhulupirira. Ndi ulesi umenewo, si chinyengo, ndipo makhoti safuna kuti mawu oti chinyengo aziponyedwa popanda umboni wolimba.

Wogula safunikanso kuvutika nazo, chifukwa pali gawo 2(1) la Misrepresentation Act 1967. Gawoli limatembenuza katundu wa umboni. Wogula angosonyeza kuti mawu anali osaona, anamukopa, ndipo anataya ndalama. Kenako ndi wogulitsa amene ayenera kutsimikiza kuti anali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira mawu akewo, ndipo anawakhulupiriradi, mpaka nthawi yopanga mgwirizano. Katundu ameneyu ndi wolemera. Mu Howard Marine v Ogden wa 1978, bwana wa kampani yobwereketsa mabwato onyamula dothi ananena kuti bwato limanyamula matani 1,600, akukumbukira nambala ya m'buku lodalirika la Lloyd's Register, imene inali yolakwika. Zoona zinali matani 1,055, ndipo mapepala enieni a mabwatowo anali m'manja mwa kampani yake. Anagonja. Buku la sevisi la m'funso lathu laikidwa dala kuti mukumbukire mlandu umenewu.

Tsopano tafika pa mphambano: kubweza lole kapena kuisunga n'kulandira ndalama.

Kumasula mgwirizano, resishoni, n'kubwezerana: tenga lole yako, ndipatse mapaundi anga 20,000. N'kotheka pa mawu osocheretsa a mtundu uliwonse, ngakhale onenedwa mosalakwa. Koma ufulu umenewu ndi wosachedwa kufota, ndipo m'funso lathu choopsa ndi ulendo wautali uja wa pambuyo pa foni. Mu Long v Lloyd wa 1958, munthu anagula lole pa mapaundi 750 atauzidwa kuti ili bwino kwambiri ndipo imayenda mamailosi 11 pa galoni. Pa ulendo woyamba wokatenga katundu dayinamo inafa, oyilo ankadontha, wilo lina linali ndi mng'alu, ndipo inkangoyenda mamailosi 5 pa galoni. Anadandaula, wogulitsa anavomera kulipira theka la mtengo wa dayinamo, iye analandira, n'kutumiza loleyo ulendo wina wautali, kumene inakaferatu. Khoti linati pamenepo anali ataivomereza kale. Wogula wathu anatumiza lole atadziwa za mamailosi, ndiye wogulitsa adzagwira pomwepo. Mbali ya wogula inganene kuti iye sanalandire kanthu kothetsa nkhani monga anachitira wa mu Long, ndiponso kuti kuvomereza kumafuna munthu wodziwa kuti ali ndi ufulu wobweza. Zonsezo n'zomveka ndipo muzilembe. Koma ine ndikanakhala woweruza ndikanafunsa chimene ananena pa foni paja. Ngati anati "ndikubweza lole yanu", kenako n'kuigwiritsa ntchito, wadzitsutsa yekha. Ngati anangodandaula, ulendowo ukuoneka ngati wa munthu amene wasankha kukhala nayo. M'njira zonse ziwiri ali pamalo oterera.

Zotchinga zina zipite msanga. Nthawi: wogula wa mu Leaf anabwera patatha zaka 5, khoti linati wachedwa. Miyezi 2 si zaka 5. Kulephera kubweza chinthu m'mene chinalili: madzi akatayika saoleka, koma lole yoyenda miyezi 2 si madzi otayika. Mu Salt v Stratstone wa 2015, wogula Cadillac imene anauzidwa kuti ndi yatsopano pomwe inali itakhala zaka analoledwa kuibweza ngakhale anali ataiyendetsa, chifukwa kuperepeseka koteroko kungathe kulipidwa ndi ndalama. Munthu wachitatu wosalakwa mulibe m'nkhaniyi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kubwezerana pakokha sikubweza mapaundi 1,500 a kugalaja. Khoti likamasula mgwirizano limangoonjezerapo ndalama zimene mgwirizanowo unakukakamiza kulipira. Mu Whittington v Seale-Hayne wa 1900, alimi a nkhuku anachita lendi malo atauzidwa kuti ndi aukhondo, chikhalirecho madzi ake anali oipa, nkhuku zinafa ndipo woyang'anira anadwala. Anabwezeredwa lendi, msonkho wa malo ndi zokonza zimene anakakamizidwa kuchita, koma osati mtengo wa nkhuku. Ku England lero mpata umenewu umatsekedwa ndi gawo 2(1), chifukwa munthu angathe kubweza chinthu n'kupemphanso chipukuta misozi pa zotayika zina, bola asalandire kawiri pa bala limodzi. Choncho mawu oti "kusankha" asakusocheretseni: nthawi zina njira ziwirizi zimayendera limodzi.

Tiwerengetse tsono. Chipukuta misozi cha gawo 2(1) chimabwezera munthu pamene akanakhala akanapanda kulowa mu mgwirizano. Analipira 20,000, analandira chinthu cha 14,000, wataya 6,000. Kuonjezapo 1,500 ya kugalaja ikhala 7,500, ngakhale wogulitsa angatsutse kuti kutha kwa injini kwawerengedwa kale mu 6,000 uja. Ngati panali katundu amene analephera kunyamula lole ili kugalaja, Royscot Trust v Rogerson wa 1991 akuti muyeso wake ndi wofanana ndi wa chinyengo, kutanthauza zotayika zonse zochokera mwachindunji mu mgwirizanowo, ngakhale zimene sizikanayembekezereka. Akatswiri ambiri amaudzudzula mlandu umenewu, ndipo ine ndili nawo, chifukwa ukulanga waulesi ngati wakuba. Koma pa mayeso nenani kuti ndiwo lamulo, kenako mudzudzule.

Pali njira yachitatu imene wolemba funso anabisa mu nambala ija ya 23,000. Mawu a mamailosi angakhale lonjezo la mu mgwirizano momwemo. Mu Dick Bentley Productions v Harold Smith wa 1965, wogulitsa magalimoto ananena kuti galimoto yayenda mamailosi 20,000 okha chiikireni injini ina, ndipo khoti linati limenelo linali lonjezo chifukwa iye ndiye anali wodziwa. Mu Oscar Chess v Williams wa 1957 zinatembenuka, popeza wonena anali munthu wamba ndipo wogula ndiye anali katswiri. Wathuyu ndi katswiri. Likakhala lonjezo, muyeso usintha: wogula aikidwe pamene akanakhala mawuwo akanakhala oona. Ndiye 23,000 kuchotsa 14,000, ikhala 9,000. Apa lonjezo laposa 6,000, chifukwa wogula anali atapeza malonda abwino.

Sinthani nambala imodzi muone. Tinene kuti lole ya mamailosi 120,000 ikanakhala ya mapaundi 18,000, ndiye kuti wogula anadulitsidwa kale ngakhale popanda bodza. Lonjezo likupereka 18,000 kuchotsa 14,000, ndiye 4,000 yokha, pamene gawo 2(1) likadali pa 6,000. Amene anagula mwanzeru athamangire ku lonjezo, amene anadulitsidwa athamangire ku mawu osocheretsa.

Nanga kubweza lole kumapambana liti? Pamene msika wagwa kapena chinthucho sichikufunikanso. Tinene kuti mitengo ya malole akale yatsika, yathuyi lero ingagulidwe pa 11,000. Akaisunga n'kulandira 6,000, ali ndi 17,000 m'manja. Akaibweza, ali ndi 20,000 yonse, ndipo kugwa kwa msika kwabwerera kwa wogulitsa. Chokomanso china n'chakuti vuto la ku London, limene malamulo anakana kumuthandiza, limapita limodzi ndi loleyo. Apa ndi pamene ulendo wautali uja ukuwawira: ngati unatseka khomo lobweza, wamutayitsa zambiri kuposa phindu la katundu amene ananyamula.

Gawo 2(2) nalo limasokoneza anthu. Limapatsa khoti mphamvu, pamene palibe chinyengo, yokana kumasula mgwirizano n'kupereka ndalama m'malo mwake, likaona kuti kubwezerana kungapweteke wogulitsa mopitirira kukula kwa cholakwa. Imeneyi ndi mphamvu ya khoti, si ufulu wa wogula, ndipo mu Salt khoti linanena kuti imagwira ntchito pamene ufulu wobweza ukadalipo. Choncho wogula amene wataya ufuluwo asayembekeze kuti 2(2) imutola. Ndipo kusiyana kwa mamailosi 180,000 si kachinthu kakang'ono koti khoti likanire kubweza.

Kwa amene akuyankha funso lotere ku Zomba kapena ku Lusaka, yang'anani kaye dziko limene nkhaniyo yaikidwa. Malawi analandira malamulo a ku England monga analili pa 11 Ogasiti 1902, ndipo lamulo la 1967 silinadzere pa khomo limenelo. Zambia ili ndi Misrepresentation Act yakeyake yotsanzira ya ku England. Lole yathu ikanagulidwa ku Limbe, simungangokopera gawo 2(1). Wogula angafunike kutsimikiza chinyengo pa muyeso wa Derry v Peek, kapena kusasamala pa maziko a Hedley Byrne v Heller, pamene katundu wa umboni ali pamutu pake ndipo zotayika ziyenera kukhala zoyembekezereka. Zikakanika zonsezi atsala ndi kubwezerana ndi kandalama kochepa ka mtundu wa Whittington, zimene zikutanthauza kuti mkangano woti mamailosi anali lonjezo, umene ku England ndi woonjezera, kuno ungakhale ndiwo mlandu wonse.